Kalata yoyamba yopita kwa mnzanga wa ku Scotland

Kumpingo kwathu kuno ku Nkhotakota kunabwera mayina a anthu a ku Scotland ofuna anzawo olemberana nawo makalata. Ine anandipatsa dzina la mayi wina amene ankagwira ntchito ya unamwino koma anapuma, ndipo amakhala kufupi ndi mzinda wa Inverness. Zomwe ndinkadziwa za iwo zinali zomwezo basi: dzina, ntchito yakale ndi keyala. Poti ndine mphunzitsi, azimayi anzanga amene analandira mayina ankabwera ndi makalata awo kuti ndiwakonzere Chingelezi, choncho ndawerenga makalata oyamba ochuluka ndithu. Chingelezi chinalibe vuto lalikulu. Chomwe chinkasowa m'makalata ambiri ndi poti wolandirayo agwire kuti ayankhe.

Kalata yathu yachizolowezi timaidziwa tonse. Imayamba ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha mpata wolemba, kenako kufunsa za moyo, kenako "mukafuna kumva za ine ndili bwino, nkhawa ndi inu amene muli kutali." Ikatero imatchula dzina, zaka, mpingo ndi chiwerengero cha ana, n'kutsanzika. Kwa achemwali ako a ku Kasungu kalata yotere ndi yokwanira, chifukwa zina zonse akuzidziwa kale. Koma munthu amene sanapondepo dziko lino akaiwerenga amangodziwa kuti uli moyo. Akatenga cholembera ayankha chiyani? Nayenso adzangoti ali bwino, ali ndi ana awiri, ndipo ubwenziwo udzafera pomwepo.

Yanga ndinayamba ndailemba m'Chichewa m'kope, kuti maganizo aziyenda momasuka, kenako ndinaiika m'Chingelezi. Pano ndikupatsani ya m'kope ija, chigawochigawo. Pamwamba ndinalemba keyala yanga ndi tsiku, mwezi ndikuulemba m'mawu. Zimenezi n'zothandiza makamaka ngati mnzanuyo ali ku America, kumene amayamba ndi mwezi polemba deti m'manambala, moti 3/4 kwa iwo ndi pa 4 Malichi pamene kwa ife ndi pa 3 Epulo. Moni unali wotere:

"Okondedwa mayi, moni wochokera ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi a pabanja panu. Dzina lanu ndalilandira kudzera kumpingo kwathu, kwa abusa amene amalumikizana ndi mpingo wanu, ndipo anandiuza kuti munali namwino. Kuno munthu wamkulu sitimutchula dzina lake loyamba, ndiye chonde mundiuze momwe mukufuna ndizikutchulani."

Moni sindinauchotse, chifukwa kulowa m'nkhani osapereka moni ndi mwano kulikonse, koma ndinaufupikitsa kufika pa ziganizo ziwiri. Chofunika kwambiri m'ndime imeneyi ndi chiganizo chachitatu, chonena kumene ndatenga dzina lawo. Munthu akalandira envulopu yochokera kudziko lakutali, kwa munthu wosamudziwa, funso lake loyamba ndi lakuti ameneyu wandidziwira kuti. Anthu akunja achenjezedwa kambirimbiri za makalata a akathyali, ndipo mukapanda kutchula msanga amene wakulumikizani, kalata yanu amaiwerenga mtima uli m'mwamba. Za katchulidwe ka dzina n'zofunikanso kuzithetsa poyamba. Kwawoko n'chizolowezi kuitanana ndi dzina loyamba ngakhale wina ali ndi imvi, pamene ine lilime limandilemera kutero. Kufunsa kumachotsa manyazi mbali zonse ziwiri.

Pa dzina langa ndinachedwapo pang'ono. Ambiri a ife tili ndi mayina angapo: la pa chiphaso, la mfunda limene anthu aulemu amatiitanira monga aNaphiri kapena aNabanda, ndi lija la "amake a uje." Ndinawauza onsewo, ndi kuti ndani amagwiritsa ntchito liti, kenako ndinanena momveka bwino limene azilemba pa envulopu. Izi si zocheza chabe. Kuno makalata sabwera pakhomo ngati kwawo. Amafikira m'bokosi la ku positi ofesi, ndipo ambirife timagwiritsa ntchito bokosi la sukulu, la mpingo kapena la ofesi ina. Wokatenga makalata amangowerenga dzina. Mnzanu akalemba dzina limene pasukulupo palibe amene akulidziwa, kalatayo idzagona m'kabati ya ahedi mpaka ipite ndi chiswe. Ndinawafotokozera zonsezi, chifukwa munthu wozolowera kuti nyumba iliyonse ili ndi nambala komanso kabowo ka makalata pachitseko sangaziganize payekha.

Kenako banja. Apa ndi pamene makalata athu amasokoneza alendo kwambiri. Mayi wina analemba kuti ali ndi ana asanu ndi awiri, ndipo m'munsi mwake anati anabereka atatu. Kwa ife palibe chodabwitsa, enawo ndi a malemu achemwali ake ndipo ndi ana ake ndithu. Koma wowerenga wakunja amaona ngati penapake pali bodza. Ine ndinalemba chonchi:

"Pakhomo pathu tilipo asanu ndi mmodzi: ine, bambo a kunyumba, ana athu atatu, ndi mtsikana wa mng'ono wanga amene akuphunzira kuno chifukwa kumudzi sekondale ili kutali. Pachikhalidwe chathu mwana wa mng'ono wanga ndi mwana wanga, ndipo amanditchula kuti amayi. Kodi kwanuko ana a abale amakhalanso m'nyumba za azakhali awo kapena amalume awo? Nanga inu mumakhala ndi ndani?"

Onani kuti sindinatchule mayina a ana, masiku awo obadwa kapena sukulu zimene amapita. Munthuyu sindinamudziwebe. Zimenezo zidzabwera zokha ubwenzi ukakhwima.

Gawo limene ndinalikonda polemba ndi la malo. Mnzanu akangolandira kalata adzatsegula mapu, ndiye muthandizeni kukupezani. Kunena kuti "ndimakhala ku Malawi, dziko lokongola la anthu ansangala" sikumupatsa chilichonse. Ndinalemba kuti Nkhotakota ili kugombe la kumadzulo kwa nyanja, pa msewu wa M5 wochokera ku Salima kulowera ku Dwangwa ndi Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe, ndipo kutsidya kwa nyanja ndi ku Mozambique. Ndinawonjezera kuti nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 500 ndipo madzi ake alibe mchere. Chomalizachi chimaoneka chachibwana, koma mlendo akaona chithunzi cha mafunde ndi mchenga amaganiza kuti ndi nyanja yamchere. Podziwa kuti Inverness ili pafupi ndi nyanja yawo yotchuka ya Loch Ness, ndinafunsa ngati anthu amasodzamo komanso ngati madzi ake amasambika.

Pa mbiri ya malo ndinasankha chinthu chimodzi chokha chimene chimatilumikiza. David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland m'chaka cha 1813, ndipo mzinda wathu wa Blantyre unatengera dzina kumeneko. M'zaka za m'ma 1860 anafika kuno ku Nkhotakota, n'kukumana ndi Jumbe pansi pa mtengo wa mkuyu pa nkhani ya malonda a akapolo, amene panthawiyo ankawolotsedwa panyanja kuchokera padoko lino. Mtengowo alendo amabwerabe kudzauona. Ndinangolemba ziganizo zitatu, n'kufunsa ngati ana a sukulu kwawoko amaphunzira za munthuyu monga amachitira athu. Pali chiyeso chofuna kukopera buku lonse la mbiri m'kalata, kuyambira kufika kwa Jumbe woyamba m'zaka za m'ma 1840 mpaka kubwera kwa amishoni a Angilikani. Dziletseni. Zimenezo mnzanu angathe kuziwerenga pa intaneti. Chimene sangachipeze kwina ndi chakuti inuyo mumadutsa pafupi ndi mtengowo mukamapita kukaona wodwala kuchipatala.

N'chimodzimodzi ndi nkhalango yathu. Ndinatchula kuti m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa pa malole kuchokera ku Liwonde ndi Majete kubwera m'nkhalango ya Nkhotakota. Koma ndinafulumira kunena kuti njovuzo zili m'nkhalango yotchingidwa ndi mpanda, ndipo ine popita kuntchito ndimakumana ndi mbuzi ndi akabaza basi. Pali anthu kunja amene amakhulupirira kuti timadzuka mkango uli pakhonde, ndipo si bwino kuwawonjezera maganizo otere.

Pofotokoza moyo wanga ndinatenga tsiku limodzi lenileni, m'malo mondandalika zimene ndimakonda. Ndime yake inali iyi:

"Ndikulemba mwezi wa Julayi, nyengo yathu yozizira. Mphepo ya mwera ikuwomba kuchokera kumwera, ndipo ikalimba asodzi salowa panyanja, usipa umasowa pamsika ndipo mtengo wake umakwera. Nyanja ikadekha, usiku timaona nyali zambirimbiri pamadzi. Amenewo ndi asodzi akukopa usipa ndi kuwala kuti ulowe mu ukonde wotchedwa chilimira. M'mawa ndisanapite kusukulu ndimatsikira kugombe kukagula wauwisi. Madzulo timadyera kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa. Chinangwacho timachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe ndi kuchoka kuwawa, kenako kuchiyanika padzuwa ndi kuchisinja. Kuphika kwake kumafuna mkono wamphamvu chifukwa kumamata. Kodi inu dzulo madzulo munadya chiyani, ndipo anaphika ndani?"

Funso lomalizalo ndinaliganizira bwino. Mukafunsa kuti "chakudya cha kwanu n'chotani," munthu amayankha za m'mabuku a alendo, zakudya za pa zikondwerero zimene mwina amadya kamodzi pachaka. Mukafunsa za dzulo madzulo, amakuuzani zenizeni, ndipo mumadziwiramo ngati amakhala yekha, ngati amalima ndiwo kuseri kwa nyumba, ngati amadya msanga kapena mochedwa. Funso labwino ndi lija loti munthu angaliyankhe ndi kankhani, osati "inde" kapena "ayi." Mafunso asachulukenso. M'kalata yanga yonse munali ochepa, lililonse litatsamira pa chinthu chimene ine ndanena kale za ine mwini. Mukandandalika mafunso khumi ndi asanu kumapeto, kalata imasanduka fomu ya kalembera.

Za nyengo n'zofunika kuzinena mosamala chifukwa zathu ndi zawo n'zotembenuka. Julayi amene ife tikufunda mabulangete awiri, kwawo ndi chilimwe chawo, ndipo kumpoto kwa Scotland m'mwezi wa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Mu Disembala, ife tili pakati pa dzinja tikupalira ndi kuwokera mpunga, iwo kumada isanakwane 4 koloko masana. Ndiye mukalemba kuti "kukuzizira kwambiri," nenani kuti kuzizira kwake n'kotani. Kuno kunyanja kuzizira kwathu ndi kongofuna juzi m'mawa, ndipo madzi saundana. Mukapanda kufotokoza, mnzanu adzaganiza za chipale. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala nakonso kufotokozeni ndi zochitika: kuti anthu amagona pakhonde, kuti mchenga wa kugombe masana supondeka wopanda nsapato.

Tsopano nkhani imene ena sakondwa nayo ndikainena. M'kalata yoyamba musapemphe kanthu. Musapemphe fizi, foni, malata, ngakhale Baibulo. Musapemphenso mozungulira, monga kulemba ndime yonse ya mavuto n'kumaliza ndi "koma Mulungu adzatsegula njira kudzera mwa anthu ake." Wowerenga si mwana, amamva. Ndikudziwa kuti mavutowo ndi enieni. Inenso malipiro amatha mwezi usanafike pakati. Koma munthu amene anapereka dzina lake kuti apeze mnzake wocheza naye, akalandira pempho m'kalata yoyamba, amachita chimodzi mwa ziwiri. Amangokhala chete, kapena amatumiza kandalama kamodzi chifukwa cha manyazi n'kusiya kulemba. Ndaziona zonse ziwiri pakati pa anzanga. Choipa china n'chakuti iye amakauza anzake kumpingo kwawo, ndipo chaka chotsatira mayina obwera amachepa.

Sindikuti muzibisa umphawi kapena kudzionetsa ngati bwana. Ine ndinalemba kuti kalasi langa lili ndi ana ambiri kuposa mabenchi, ndipo ena amakhala pansi. Ndinalemba monga mmene ndinalembera za mwera, ngati gawo la tsiku langa, n'kufunsa kuti pa wodi imodzi iwo ankasamala odwala angati. Kusiyana kwake kuli pa chimene chikutsatira chiganizocho. Chikatsatidwa ndi funso lofuna kudziwa za moyo wa mnzanu, ndi macheza. Chikatsatidwa ndi nambala ya akaunti, ndi kalata yopempha thandizo, ndipo imeneyo ili ndi malo ake ena.

Kuchenjera kumafunikanso mbali yathu. Si aliyense wakunja wofuna "ubwenzi" amene ali woona. Mnzanu watsopano akafulumira kunena za chikondi, akapempha chithunzi cha chiphaso chanu, kapena akati wakutumizirani katundu ndipo mulipire kandalama kuti atuluke pabwalo la ndege, dziwani kuti mwakumana ndi wakuba. Ana a sukulu azilemba kudzera kwa aphunzitsi kapena makolo, pa keyala ya sukulu, ndipo wamkulu aziona zimene zikubwera.

Za chipembedzo ndi ndale ndinadutsapo mwachangu. Popeza tinadziwana kudzera kumpingo, ndinatchula kuti ndimaimba kwaya ya amayi ndipo kuno Akhristu ndi Asilamu timakhala moyandikana, kugula pamsika umodzi ndi kulirana maliro. Ulaliki sindinaikemo. Mnzanu akakhala woti mwamupeza kudzera kusukulu kapena njira ina, musaganize kuti amapemphera; kwawoko ambiri sapita kutchalitchi ndipo ena funso lotere amaliona ngati lolowerera. Zaka zawo, malipiro awo, ndi chifukwa chimene alibe mwana kapena mwamuna, zimenezo musafunse n'komwe. Akafuna adzanena okha.

Kalata yonse inakwana masamba awiri olemba pamanja. Ndinalemba ndi inki yakuda, zilembo zotayana bwino, chifukwa kalembedwe kathu kopendekera kamavuta kwa amene sanakazolowere, makamaka pa mayina a malo ndi a nsomba amene sangawaganizire. Mawu monga kondowole ndi chilimira ndinawalemba m'zilembo zazikulu. Ndinaikamo chithunzi chimodzi, ndili chiimire kugombe pafupi ndi thandala la usipa, ndipo kuseri kwake ndinalemba malo ndi mwezi. Chithunzi cha pa situdiyo, chokhala ndi nsalu yojambulidwa nyumba zosanja kumbuyo, sichinena chilichonse za kwanu. Mayi wina ankafuna kuikamo kapepala ka mpunga wa faya kuti mnzake aone fungo lake. Ndinamuletsa, chifukwa mayiko ambiri salola mbewu ndi zakudya kulowa mwachisawawa, ndipo envulopu yotere ingathe kutsegulidwa kapena kugwidwa panjira. Ndalama nazonso siziikidwa mu envulopu.

Potsanzika ndinalemba kuti: "Ndasangalala kukudziwani ngakhale papepala. Musadzivute kuyankha zonse nthawi imodzi, sankhani zimene zakusangalatsani. Moni kwa onse a kwanu. Ndine mnzanu watsopano," kenako dzina. Pansi pake ndinaika imelo yanga, n'kunena kuti makalata a papositi amatenga masabata angapo ndipo nthawi zina amasochera, choncho akalandira angondidziwitsa ndi mzere umodzi. Nambala ya foni sindinaike. Mukaika, iyambe ndi +265 ndipo muchotse 0 woyambirira, apo ayi siigwira kuchokera kunja. Kumbukiraninso kuti nthawi imasiyana: ife timatsogola ndi ola limodzi pa miyezi yawo yotentha, ndi maola awiri pa miyezi yawo yozizira, chifukwa iwo amasintha mawotchi kawiri pachaka pamene ife sitisintha. Ine ndimakonda kuchedwetsa za WhatsApp. Mukangopatsana manambala, makalata aatali amatha, m'malo mwake mumangotumizirana "mwadzuka bwanji" ndi tizithunzi ta maluwa.

Pa envulopu keyala ya mnzanu ikopereni ndendende momwe anakupatsirani, mzere ndi mzere, osasintha dongosolo. Ku Scotland keyala imathera ndi kodi ya positi yosakaniza zilembo ndi manambala, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika kalata imalowera dera lina. Samalani kuti 0 asaoneke ngati O, ndiponso 1 asaoneke ngati I kapena 7. Mzere womaliza ukhale dzina la dziko m'zilembo zazikulu, UNITED KINGDOM, ndipo pakona lembani AIR MAIL. Keyala yanu ipite kuseri, ndi MALAWI pamapeto pake. Musamate masitampa ongoganizira. Pitani nayo pa kauntala aiyeze kulemera, chifukwa mtengo umadalira kulemera kwake ndi dziko limene ikupita. Musanamate envulopu, jambulani masamba onse ndi foni kapena sungani kope lija. Yankho likamabwera padzakhala patapita nthawi, ndipo mnzanu akadzati "pa funso lanu lachiwiri lija," mudzafuna kudziwa kuti munafunsa chiyani.

Yankho langa linafika mwera utaleka, kutayamba kutentha. Linali la masamba anayi. Za Livingstone anangoyankha mzere umodzi, kuti anamva za iye ali mwana koma sanapiteko kumene anabadwira. Za njovu sanazitchule n'komwe. Tsamba lonse lathunthu linali la chakudya cha dzulo lija: msuzi wa ndiwo zamasamba ndi buledi, kudya ali okha poti amuna awo anamwalira ndipo ana ali kumizinda ina. Anati ndiziwatchula dzina lawo loyamba, ndipo ndikuyesetsa, ngakhale m'kope ndimalembabe "mayi." Pa mwana wa mng'ono wanga anafunsa zambiri: amapita liti kwa amayi ake omubereka, ndani amasankha za sukulu yake, nanga akadwala amauzidwa ndani poyamba. Monga namwino, chimene chinawagwira mtima kwambiri ndi chinangwa. Akufuna kudziwa kuti timazindikira bwanji kuti chaviikidwa mokwanira, komanso chimachitika n'chiyani munthu akadya chowawa chosakonzedwa bwino. Kalata yachiwiri ndayamba kale kuilemba m'kope, koma gawo limenelo ndaliimika kaye mpaka Loweruka, ndikakhale pansi ndi apongozi anga amene amaviika chinangwa chaka chonse, andifotokozere bwinobwino momwe amachiyesera ndi chala ndi fungo asanachivuule.